Mawu a kaputeni pa mwambo wotsekera nyengo ya mpira ku Kasungu

A Gulupu ndi mafumu onse amene mwatikhalira pano, alendo athu olemekezeka, a komiti, a kochi, makolo, masapota ndi osewera anzanga, ndakulonjerani nonse.

A pampando andipempha kuti mphoto ya wosewera wopambana m'chaka chino isanaperekedwe, ndifotokoze momwe tawerengera. Ndavomera ndi mtima wonse, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwabwera muli kale ndi dzina m'mutu, ndipo dzinalo ndi la mnzathu amene wamwetsa zigoli zambiri. Ndikupempha kuti mundimvetsere mpaka kumapeto.

Malamulowa sitinawapange dzulo. Tinagwirizana tonse ligi isanayambe, ndipo wosewera aliyense anasayina m'buku la alembi, lomwe lili patebulopo.

Tasewera masewero 18. Akangoyimba wezulo yomaliza, a kochi ankalemba mayina atatu: woyamba mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1. Ifenso osewera tinkavota, aliyense pakapepala kake, tisanavule ndi nsapato zomwe, ndipo kudzivotera wekha kunali koletsedwa. Atatu otsogola pa mavotiwo ankalandiranso 3, 2 ndi 1. Tinkafulumira dala chonchi kuti munthu avote zimene waona m'bwalo, asanamve zokamba za pamsika. Mapepala tinkawerenga anthu atatu, ine, alembi ndi mmodzi wa masapota, ndipo chifukwa choti ndinkagwira nawo mapepalawo, dzina langa silinali pa mpikisano.

Gawo la matirening'i ndi limene tinakanganapo kwambiri, ndipo ndi limene ine ndimalikonda. Wobwera masiku onse a sabata ankapeza pointi imodzi, ndipo masabata analipo 22. Ena ankati pointi imodzi yachepa, ena ankati zimenezi si mpira. Komatu timu imamangidwa Lachiwiri ndi Lachinayi, pomwe palibe wokuwombera m'manja. Tikudziwa kuti kuno kwathu ntchito siitha: wina ali m'chigafa kusankha fodya, wina waperekeza mabelo ku Chinkhoma, wina ali pa kabaza kufuna ya ndiwo. Munthu amene wachoka kumeneko thukuta lili kamukamu n'kudzathamangabe ndi anzake, ameneyo ayenera kuwerengeredwa. Wodwala, wovulala kapena wa pamaliro, akatidziwitsa, pointi yake sitinkamulanda. Koma wojomba chifukwa wakasewera ganyu ku bonanza ya kwina, ameneyo ayi.

Makadi ankachotsetsa. Yachikasu pointi imodzi, yofiira 3.

Tsopano nazi ziwerengero za awiri amene anatsogola. Wakutsogolo wathu, wovala nambala 9, anapeza 24 kwa a kochi ndi 23 kwa ife anzake, pamodzi 47. Palibe anamuposa pamenepo, ndipo ndinene poyera kuti popanda zigoli zake sitikanamaliza pomwe tamalizapa. Matirening'i anakwanitsa masabata 14, kufika pa 61. Makadi achikasu atatu ndi yofiira imodzi zinamudyera 6, n'kutsala ndi 55.

Wotseka kumbuyo, nambala 5, anapeza 19 kwa a kochi ndi 22 kwa osewera, pamodzi 41. Apa anali m'mbuyo ndi mapointi 6. Koma pa masabata 22 aja anaphonya imodzi yokha, ndiye onjezanipo 21, afika pa 62. Makadi achikasu awiri, atsala ndi 60.

Pali chinthu china chimene mungachione mukatsegula bukulo. Nambala 5 sanakhale woyamba kawirikawiri, koma dzina lake silisowa pamasamba. Apa 2, apa 1, apa 2. Ngakhale tsiku lija tinagonja ku Santhe, tonse mitu ili pansi, mapepala ambiri anatuluka ndi dzina lake, chifukwa chigawo chachiwiri chonse anachita ngati akutseka yekha. Inu masapota maso anu amakhala pa amene wagwedeza ukonde, ndipo palibe cholakwa. Koma funsani goloboyi wathu kuti ndi mipira ingati imene sinamufike chifukwa cha munthu ameneyu.

Kwa iwe nambala 9, m'bale wanga, kusiyana kwake ndi mapointi 5 okha, ndipo ukudziwa wekha pomwe anatayikira. Mphoto ya womwetsa zigoli zambiri ndi yako ndipo uilandira lero lomwe. Chaka chamawa inayi ili pafupi nawe kwambiri.

Amene ali ndi funso, buku likhala ndi alembi mpaka mwambo utatha, ndipo malamulo tikhoza kuwaunikanso pa msonkhano wa komiti ligi ina isanayambe.

Alendo athu olemekezeka, ndikupempheni muyandikire kutsogolo kuno mudzatiperekere chikhochi. Nambala 5, dzuka ubwere. Zikomo kwambiri.