Kutsiriza mayankho anga a pa intavyu ya Lachiwiri, 14 Okutobala

Kwa Bambo Manijala, ku ofesi ya Southerton, ndi Mayi Akauntanti, ku ofesi ya Limbe,

Ndikhulupirira mwaswera bwino. Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi imene munandipatsa dzulo pa Zoom pokambirana za ntchito ya kalaliki wa mapepala a katundu, komanso chifukwa chodikira moleza mtima pomwe netiweki inaduka kawiri konse. Koyamba kunali kuzima kwa magetsi kuno ku Mufakose, komwe kunazimitsanso rauta. Nditasamukira pa data ya foni, nayonso inafooka, monga zimachitira magetsi akazima dera lonse. Titalumikizananso kachiwiri nthawi inali itatsala pang'ono kutha ndipo wina anali akudikira kale, ndiye sindinafune kukuchedwetsani. Koma mayankho awiri anadukira pakati, ndipo limodzi linadukira pamalo poipa. Ndiloleni ndiwamalize pano.

Bambo, inu munandifunsa za thiraki imene yafika pa Nyamapanda, invoisi ikuti matumba 600 a makilogalamu 50 pomwe manifesiti ikuti 560. Ndinangofika ponena kuti choyamba ndingaimbire dalaivala, basi chithunzi chinauma. Kumuimbira kwake n'koti asapereke kaye pepala lina lililonse, ndipo anditumizire pa WhatsApp zithunzi zitatu: tikiti ya sikelo ya komwe anapakira, delivale noti imene anasainira, ndi nambala ya silo ya pa thiraki. Matumba 600 ndi matani 30, pomwe 560 ndi matani 28. Kusiyana kwa matani awiri sikubisika pa sikelo, choncho tikitiyo ndi imene ingandiuze pepala lolondola ndisanakangane ndi aliyense.

Ndikadziwa pepala lolakwika, ndimabwerera kwa amene analilemba. Ngati ndi manifesiti yathu, ndimakonza ndi kutumiza yatsopano kwa ejenti. Ngati ndi invoisi, ndiye nkhani yakula, chifukwa nambala yomweyo yalowa kale mu Form 21 pa ASYCUDA World, ndiponso mtengo wake uli pa CD1 imene wogulitsa anatsegula ku banki yake. Pamenepo wogulitsa ayenera kutulutsa invoisi yolondola, ejenti apemphe a ZIMRA kuti Form 21 ija ikonzedwe, ndipo wogulitsayo adziwitse banki. Zonsezi zichitike thiraki ili mbali ya kuno. Ambiri amafuna kuti ingowoloka, zina tikaonera kutsogolo, koma ine ndimakana. Ikangodutsa Cuchamano, nambala yolakwikayo yalowa m'mapepala a thiranziti a ku Mozambique, ndipo ikakafika pa Zobue ndi pa Mwanza a MRA adzayerekeza katundu ndi zimene ejenti wa ku Malawi analowetsa. Kulakwitsa kumodzi kwasanduka kutatu, m'maiko atatu, ndipo kwina tikukambirana m'Chipwitikizi. Kuli bwino thiraki igone usiku umodzi pa Nyamapanda, pamene munthu wa ku ofesi angathe kufikapo tsiku lomwelo kudzera ku Murehwa ndi Mutoko, kusiyana n'kukagwidwa kutsidya kwa Zambezi.

Kasitomala ndimamuuza nthawi yomweyo, osadikira kuti aimbe yekha. Ndimamulembera kuti thiraki ili pati, chavuta n'chiyani, akukonza ndani, ndipo ndimuuzanso liti zina. Komwe ndikugwira panopa ndaona kuti makasitomala amapirira kuchedwa, koma sapirira kumva nkhaniyo kwa dalaivala ofesi ili chete.

Funso lachiwiri linali lanu, Mayi, ndipo ndi limene landilembetsa kalatayi. Munafunsa kuti ndingatani dalaivala ataimba usiku ali pamsewu pakati pa Changara ndi Tete, nati wamuimitsa wina ndipo akufuna madola 50 kuti amusiye, popanda risiti. Mawu anga omaliza amene ndikuganiza kuti munawamva anali akuti "ndalamayo ndingamutumizire", kenako zii. Nditabwereranso munali mutapita ku funso lina, ndipo ndakhala ndikuganiza kuti mwina mwatsala ndi yankho limene si langa. Chiganizo chonse chinali chakuti: ndalamayo ndingamutumizire pokhapokha pali mlandu wolembedwa ndi risiti ya boma. Popanda zimenezo, ayi.

Komabe sindingangoti ayi n'kudula foni, munthu ali yekha pamsewu usiku m'dziko la eni. Ndingamufunse kaye kuti akumuimba mlandu wanji. Nthawi zambiri pamakhala chenicheni chimene apezerapo mpata: inshuwalansi, mathirayango, jekete yowala, nyali yakufa, kapena risiti ya msonkho wa msewu. Pa inshuwalansi pamagwa madalaivala atsopano ambiri, chifukwa amadalira Yelo Khadi ya COMESA imene imagwira ntchito kuno ndi ku Malawi, osadziwa kuti Mozambique sili mu COMESA ndipo imafuna inshuwalansi yakeyake. Ngati mlanduwo ndi woona, timalipira chindapusa, risiti ibwere ku ofesi, kenako tikambirane kuti wolakwa ndi ndani, dalaivala kapena ife amene tinamunyamutsa osamuonera bwino. Ngati palibe mlandu, ndingamuuze apemphe mwaulemu kuti amulembere tikiti kapena apite naye ku siteshoni, ineyo ndikuimbira ejenti wathu wa ku Tete kuti alankhule nawo m'chinenero chawo, ndipo ndikudziwitsa inu Bambo nthawi yomweyo, ngakhale ikhale 11 koloko usiku. Pakakhala chiopsezo pa moyo wa dalaivala, imeneyo si nkhani ya kalaliki kugamula yekha, ndingakudzutseni ndithu.

Chifukwa china chimene ndimaumirira risiti ndi cha mabuku anu, Mayi. Ulendo umodzi wa Harare mpaka Blantyre, wa makilomita pafupifupi 600, umadya ndalama za mitundu itatu kapena inayi: madola a ku America, ZiG pang'ono mbali ya kuno, metikashi pakati, ndi kwacha kumapeto. Ndalama yopanda risiti ikalowa kamodzi m'gulu la "zina ndi zina", mwezi wamawa gululo limakula, ndipo palibenso angasiyanitse imene inaperekedwadi pamsewu ndi imene inatsala m'thumba. Madalaivala okhulupirika ndi amene amavutika nazo, chifukwa onse amayamba kukayikiridwa. Ine pa Excel ndimasunga mzere wa ulendo uliwonse: ndalama imene dalaivala wanyamuka nayo, risiti iliyonse ndi mtundu wa ndalama yake, ndi mtengo wosinthira wa tsiku limene analipira, osati wa tsiku lobwerera. Izi ndinayamba kuzitsatira kwambiri kuchokera mu Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, kenakonso mu Epulo 2024 pomwe ZiG inalowa m'malo mwa dola ya Zimbabwe. Amene ankawerengera pa mtengo wa kumapeto kwa mwezi anapeza mabuku osagwirizana ndi zimene zinachitika pamsewu. Ndaphatikiza tsamba limodzi la chitsanzo pa kalatayi. Maina a makasitomala, a madalaivala ndi manambala a magalimoto ndachotsamo.

Pali kanthu kena kamene Bambo munakatchula mongodutsa netiweki isanaduke koyamba, za katundu wobwerera kuti mathiraki asamabwere opanda kanthu. Soya, mtedza ndi nandolo zochokera ku Malawi zimafuna chilolezo cholowetsera kuno komanso satifiketi yotsimikiza kuti mbewuzo zilibe matenda ndi tizilombo, ndipo izi zimafunika kukhala m'manja thiraki isanapakire. Pa msonkho, katundu wa pakati pa maiko awiriwa angathe kuyenda ndi satifiketi ya kochokera ya COMESA, ya SADC, kapena ya pangano la malonda la Malawi ndi Zimbabwe la 1995. Ndimafunsa ejenti wa mbali yolandira kuti ndi iti imene ikupindulitsa kasitomala pa katundu ameneyo, ndisanauze wogulitsa yoti akatenge. Njira ya ku Lilongwe kudzera pa Calomue ndi Dedza ndayendetsako mapepala ake, koma yochuluka imene ndagwira ndi ya Mwanza.

Za zinenero munangomva theka. Ndinabadwira kuno ku Harare. Agogo anabwera kuchokera ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya, ndipo pakhomo pathu Chichewa sichinathe, ku tchalitchi nako timapemphera m'Chichewa. Chishona ndi Chingerezi ndimalankhula ndi kulemba bwinobwino. Chipwitikizi changa n'chongokwanira kuwerenga mapepala a pa boda ndi kupatsana moni, sindingakambire nacho mlandu, n'chifukwa chake ndatchula ejenti wa ku Tete. Poti munati madalaivala anu ambiri ndi a ku Malawi, ndikuona kuti zingathandize kuti munthu akaimba ali pamavuto, afotokoze m'chinenero chake popanda kusakasaka mawu.

Mwina mukudzifunsa kuti munthu amene netiweki yake yaduka kawiri pa ola limodzi angadalirike bwanji pa foni ya usiku. Funso loyenera. Foni wamba ndi mauthenga sizinaduke dzulo, chimene chinakanika ndi vidiyo. Ndili ndi malaini awiri a makampani osiyana ndiponso batire yotchajira foni, ndipo masana ntchito ndi ya pa ofesi ku Southerton, komwe kuchokera ku Mufakose ndi ulendo waufupi pa kombi.

Sitinafike pa tsiku loyambira. Komwe ndili ndiyenera kupereka notisi ya milungu iwiri, choncho mutandiyankha sabata ino kapena Lolemba likubwerali, ndingayambe Lolemba pa 3 Novembala. Za malipiro, zimene munalemba pa chidziwitso cha ntchito ndagwirizana nazo. Ndingofuna kudziwa gawo limene limaperekedwa m'madola ndi limene limaperekedwa mu ZiG, komanso ngati foni ya usiku ndi ya kumapeto kwa sabata timasinthana kapena ndi ya munthu mmodzi.

Ngati mungakonde kuti mafunso awiri aja ndiwayankhe pakamwa, ndingabwere ku ofesi ya Southerton mawa Lachinayi kapena Lachisanu nthawi ya nkhomaliro, kuyambira 1 koloko, ndipo Mayi angalowe pa vidiyo kuchokera ku Limbe pa netiweki ya ku ofesi. Mphindi 15 zingakwane. Ndingabweretsenso masatifiketi enieni ndi kalata ya umboni ya abwana anga akale, kuti muone ndi maso. Ngati zimene ndalembazi zakwanira, palibe chifukwa choti muvutike. Ndidikira kumva kwa inu pa nambala ndi imelo zimene zili pa kalata yanga yofunsira ntchito.

Zikomo kwambiri, Bambo ndi Mayi.

Ine wanu,
Wofunsira ntchito ya kalaliki wa mapepala a katundu, amene munacheza naye Lachiwiri 10 koloko m'mawa
Mufakose, Harare