Momwe kwachera lero ndi momwe kumakhalira kuno

M'Chichewa timangoti nyengo, koma mawuwa amanyamula zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ana anga a Fomu 1 amazisokoneza chaka chilichonse.

Tiyambe ndi dzulo. Ndikunyamuka ku Chibavi kuno ku Mzuzu m'mawa, kunali chifunga choti wakabaza patsogolo osamuona. Pofika ku Katoto dzuwa linali litaswa mtengo, juzi n'kuvula. Madzulo kunabwera mvula yowaza, amayi n'kuthamangira kukaanula zovala. Imeneyo ndi nyengo ya tsiku ndi tsiku: kutentha, mphepo, mitambo ndi mvula ya pamalo amodzi pa nthawi yochepa. Siichedwa kutembenuka. Ndi imene a zanyengo amalosera pa wailesi, monga akamachenjeza asodzi kuti panyanja pawomba mwera.

Yachiwiri ndi nyengo yokhazikika ya dera, chizolowezi chake. Mlendo wochokera ku Nsanje akati akubwera mu Juni, mumamuuza kuti asaiwale juzi ndi bulangete. Simunamve ulosi uliwonse. Mukungodziwa kuti ku Mzuzu Juni ndi Julayi kumazizira, Okutobala ndi Novembala kumatentha, ndipo mvula imachedwa kusiya, mpaka mu Epulo kapena Meyi imagwabe. Akatswiri sadalira kukumbukira ngati ife. Amalemba kutentha ndi mvula tsiku ndi tsiku, kenako amawerengera za zaka 30 kuti apeze zomwe zimachitika kawirikawiri.

N'chifukwa chiyani kuno kumazizira? Mzuzu ili pamtunda, pa Viphya, mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pomwe pali nyanja zamchere, ndipo ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Kwerani minibasi ya ku Nkhata Bay muone: ulendo wosakwana makilomita 50, koma mukafika kunyanja thukuta lili kamukamu. Si zongochitika tsiku limenelo ayi, ndi momwe kumakhalira. N'chifukwa chake khofi amachita bwino kumapiri monga ku Misuku, pamene thonje limakonda kotentha ngati kuchigwa cha Shire. Mlimi posankha mbewu amayang'ana nyengo yokhazikika. Poganiza zothira feteleza lero kapena mawa, amayang'ana kumwamba.

Pamene ambiri amaphonya ndi apa. Kukatentha sabata imodzi mu Julayi, wina amati basi, nyengo yasintha. Ayi ndithu, sabata imodzi si umboni, monganso mwana wofatsa akapsa mtima tsiku limodzi sitinena kuti ndi wandewu. Koma agogo akamati masiku ano mvula yoyamba ikuchedwa kusiyana ndi kale, ameneyo ndi mlandu wina, pakuti iwo akuyerekeza zaka zambirimbiri. Zonena zawozo timazitenga n'kukazifananiza ndi zolemba za a zanyengo, ndipo zikagwirizana m'pamene timati kusintha kwa nyengo.