Pempho loti mundichotsere mapenate a loni ya mwezi wa Meyi

Chinamwali, Zomba
16 Juni 2025

Kwa a Manijala,
Nthambi ya Zomba

Bwana, ndakulemberani kalatayi kuti ndipemphe chinthu chimodzi, mundichotsere mapenate amene mwandiikira pa loni yanga chifukwa cha mwezi wa Meyi. Ndine kasitomala wanu kuyambira 2017, akaunti yanga ndi ya salale ija yothera ndi manambala 4417, ndipo loni ndikunenayi ndi ya K2,400,000 yomwe ndinatenga mu Malichi 2024 yobweza miyezi 36, mumadula K112,000 pa 27 mwezi uliwonse.

Nkhani inayenda chonchi. Ine ndimagwira ntchito yosunga katundu ku sitolozi pa kampani ina ya zomangamanga, ndipo malipiro athu amalowa pa 25, akachedwa ndi pa 26. Mwezi wa Meyi pa 25 padutsa zii, pa 26 zii, kufika pa 27 tsiku lodula lija mu akaunti munali K8,300 basi ndiye makina anu atayesa kudula sanapeze ndalama yokwanira. Ku ofesi ya akaunsi kuntchito anatiuza kuti amene tinawagwirira ntchito sanailipire kampani pa nthawi yake ndiye panalibe potenga, tinakhudzidwa tonse kuyambira madalaivala, amisili mpaka alonda, sikuti ndi ine ndekha ayi. Salale inadzalowa pa 9 Juni, ndipo tsiku lomwelo K112,000 ija inadulidwa yonse. Pamwamba pake panadulidwanso K15,000 yoti kudula koyamba kunakanika, ndi K9,640 ya chiwongola dzanja cha kuchedwa, zonse pamodzi K24,640. Ndalama imeneyi ndi yomwe ndikupempha kuti ibwerere.

Sindikukana kuti pa fomu ya loni zinalembedwa zoti ukachedwa pali chindapusa, ndinawerenga ndipo ndinasaina ndi dzanja langa. Koma mmene ndimamvera ine, penate imaikidwa pofuna kuletsa munthu amene ndalama ali nayo koma akuzemba, kapena uja amathamangira pa makina kukatapa salale yonse isanadulidwe. Ine sindinapange zimenezo ndipo umboni wake muli nawo inuyo kuposa ine, chifukwa salale yanga simadutsa kwina, imagwera mu akaunti yomweyi. Mukatsegula sitetimenti muona kuti kuyambira pa 25 Meyi mpaka pa 9 Juni palibe ngakhale tambala yomwe inalowa kuchokera kuntchito, palibenso ndalama yomwe ndinasamutsa kupita ku Mpamba kapena Airtel Money kuti ndiibise. Muonanso kuti kuyambira Epulo 2024 mpaka Epulo chaka chino mwezi uliwonse mwadula bwinobwino osandiimbira foni olo kamodzi.

Sindinangokhalanso phee kudikira kuti zichitike. Pa 26 Meyi nditaona kuti meseji ya salale sikubwera ndinafika ku nthambi kwanu kuno, ndinalankhula ndi mayi amene amakhala pa desiki ya maloni ndikuwafotokozera. Anandilandira bwino ndithu, anati kudula kumachitika ndi makina iwo sangakuimitse, koma ndalama ikalowa ndidzalembe kalata kwa inu ndi umboni wochokera kuntchito. Ndi zomwe ndikupangazi. Ndinayesanso kusakasaka kuti mwina ndiikemo ndekha K112,000 ija, koma kumapeto kwa mwezi aliyense amakhala ali mbuu, anzanga amene ndikanawabwereka ndi omwewo amadikira salale yomweyo, ku banki mkhonde ya akazi anga nako ndalama zinali zitabwerekedwa kale. Kunatsala kwa akatapila basi, ndipo uko ndinakana, chifukwa kutenga ya katapila kuti ubweze ya banki ndi kukumba dzenje lina kuti ukwirire linzake.

Mwina kwa ena K24,640 ndi yochepa koma bwana kwa ine si yochepa. Ndikadulidwa msonkho ndi penshoni ndimalandira K395,000, mukachotsa loni imatsala K283,000 ndipo pamenepo ndi pamene pachokere chakudya cha anthu asanu ndi mmodzi, mayunitsi a ESCOM, bilu ya madzi, thiransipoti ya mwana wanga wamkulu amene ali Fomu 3, ndi kangachepe kotumiza kwa mayi anga ku Mayaka. Chitsikireni mphamvu kwacha mu Novembala 2023 zinthu mumsika sizinabwererenso pansi, inunso mukudziwa, mafuta ophikira, sopo, shuga zonse zinakwera pomwe salale yathu ili pomwe paja. Masabata awiri amene tinadikira aja tinadya za ngongole pa okala ya pafupi ndi kwathu, ndiye salale itangolowa inayamba yabweza kumeneko. Chomwe chikundiopsa kwenikweni ndi choti pa 27 Juni pano mukudulanso, ndipo dzenje la K24,640 likapanda kutsekedwa ndiyamba kubwereka uku ndi uku mwezi ndi mwezi, mapeto ake munthu amene amabweza bwinobwino ayamba kuvutika pa chifukwa chomwe sanachipange yekha.

Loni imeneyi sindinaidye ayi, ndinagula malata, simenti ndi mafelemu a mawindo, nyumba tikukhalamoyi ndi imeneyo ndipo tinasiya kulipira lendi. Ndimaiona tsiku lililonse ndiye kubweza kwake sindikuona ngati chilango, ndikufuna ndimalize bwino mu 2027 dzina langa lili loyera, mwinanso ndidzabwerenso kwa inu nthawi ya fizi ya ku koleji ikadzafika.

Pa nkhani ya dzina yomweyi ndili ndi pempho lachiwiri. Ndikudziwa kuti mabanki amatumiza mbiri ya mmene tikubwezera ngongole ku mabungwe osunga mbiri ya angongole aja timangoti CRB. Chonde ngati kuchedwa kwa Meyi kwatumizidwa kale kumeneko, mutumizenso uthenga woti ndalama inalipidwa yonse pa 9 Juni ndipo palibe chotsala, chifukwa kadontho kamodzi kumeneko kamatha kumutsekera munthu zitseko kwa zaka, olo pa SACCO pomwe.

Komanso ngati n'zotheka, tsiku lodula lisunthe kuchoka pa 27 kupita pa 5 mwezi wotsatira. Kampani yathu imadalira kulipidwa ndi amene apereka ntchito, ndiye sindingalonjeze kuti kuchedwa sikudzachitikanso, lonjezo limenelo si langa. Masiku owonjezerawo angathandize salale ikachedwa pang'ono, ndipo ngati pali fomu yoti ndisaine kapena kandalama kosinthira tsiku mundiuze ndibwera.

Pamodzi ndi kalatayi ndaphatikiza kalata ya abwana oona za antchito kuntchito kwathu yokhala ndi chidindo, yonena kuti malipiro a Meyi a antchito onse analipidwa pa 9 Juni, mapepala a salale a Malichi, Epulo ndi Meyi, komanso sitetimenti ya miyezi itatu pomwe ndazunguliza ndi cholembera mapenate awiri aja. Abwanawo anena kuti mukafuna kutsimikiza muwaimbire pa nambala yomwe ili pamwamba pa kalata yawo, ayankha.

Ngati nkhaniyi siithera pa nthambi pano koma ikuyenera kupita ku likulu, chonde itumizeni msanga ndipo mundidziwitse amene akuiona kuti ndidziwe kofunsa. Ndikanakonda nditamva yankho pasanafike pa 27 Juni kuti ndidziwe mmene ndingagawire ndalama za mwezi uno. Mundiimbire pa nambala yomwe imalandira mameseji a akauntiyi, kuntchito amandilola kutuluka nthawi ya nkhomaliro ndiye mukandifuna pamaso ndifika.

Zikomo kwambiri bwana powerenga.

Ine kasitomala wanu,
Madalitso