Ndinapita padera, koma kachipangizo kakuonetsabe mizere iwiri

Funso: "Amayi azamba, ndimakhala kufupi ndi Domwe ku Angonia. Mimba yanga inali ya masabata 9 ndipo inachoka. Patapita masiku 12 amuna anga anagula kachipangizo koyezera mkodzo ku Ulongwe, ndipo kanaonetsa mizere iwiri, wachiwiriwo wosaoneka bwino. Apongozi akuti mwina anali mapasa, mmodzi watsala. Kodi ndidakali woyembekezera?"

Pepani kwambiri, mayi, ndi zomwe zakugwerani. Pa masiku 12 mizere iwiriyo si yodabwitsa, ndipo nthawi zambiri sikutanthauza kuti mimba ikadalipo.

Kachipangizoko sikaona mwana. Kamangofufuza homoni yotchedwa hCG, yomwe imapangidwa ndi nsengwa mimba ikangokhazikika m'chiberekero. Homoniyi imachuluka mofulumira masabata oyambirira, n'kufika pachimake pakati pa sabata la 8 ndi la 11, ndipo nthawi imeneyi imatha kupitirira 100,000 pa muyezo wa magazi. Mimba ikachoka thupi limasiya kuipanga, koma yomwe ili kale m'magazi imatha pang'onopang'ono. Masiku oyamba imatsika ndi theka pa tsiku limodzi kapena awiri alionse, kenako liwirolo limachepa. Tsono zipangizo zambiri za mkodzo zimaonetsa mzere wachiwiri ngakhale homoni itatsala 25 yokha. Kuchoka pa masauzande ambirimbiri kufika pansi pa 25 ndi ulendo ndithu, ndipo inu mimba yanu inachoka homoniyo ili pamwamba penipeni.

N'chifukwa chake palibe tsiku limodzi loyenera aliyense. Amene wapita padera atangodumpha msambo, mimba ili ya masabata 5 kapena kucheperapo, kachipangizo kamabwerera pa mzere umodzi m'masiku ochepa, mwina sabata imodzi kapena awiri. Amene mimba inafika masabata 8 mpaka 12 amatha kudikira masabata atatu kapena anayi, ena mpaka 6. Kuyeza magazi kumachedwerapo kunena kuti yatheratu, chifukwa kumeneko timafuna itsike pansi pa 5.

Ine ndimauza amayi kuti asayeze tsiku ndi tsiku. Ndaonapo mayi akutulutsa m'chitenje tizipangizo tinayi tomwe anasunga m'kapepala, akuyerekeza mizere padzuwa kuti aone wotuwa kwambiri. Mzerewo umasintha ngakhale ndi madzi omwe mwamwa, ndiye mungotaya ndalama ndi tulo. Dikirani akwane masabata atatu kuchokera tsiku lomwe mimba inachoka, muyeze kamodzi ndi mkodzo woyamba wa m'mawa, ndipo muwerenge pa mphindi zomwe zalembedwa pa kapepala kake, osati patapita ola.

Mukapeza mzere umodzi, homoni yatsika mokwanira. Mukapezabe iwiri, pitani kuchipatala sabata lomwelo ngakhale musakumva kupweteka. Mwina homoni ikungochedwa kutha, koma nthawi zina zimakhala kuti tizidutswa ta nsengwa tinatsalira m'chiberekero ndipo tikupangabe homoni. Izi zimachizika ndi mapiritsi a misopulositolo kapena kutsuka chiberekero ndi kachipangizo kokoka. Nthawi zina mimba inakhala kunja kwa chiberekero, m'njira yodutsa dzira, ndipo imeneyo imatha kupha ikaphulika. Palinso vuto losowa lomwe nsengwa imakula molakwika n'kukhala ngati timatuza ta madzi, ndipo wodwalayo amayezedwa magazi kwa miyezi ingapo. Za mapasa zomwe anena apongozizo zimachitikadi, koma mwa apo ndi apo, ndipo angatsimikize ndi sikani yokha. Ngati chipatala cha kwanu chilibe sikani, pemphani kalata yokutumizani ku Ulongwe kapena ku Tete.

China chomwe ambiri sachiyembekezera ndi mimba yatsopano. Dzira limatha kukhwima patangotha masabata awiri, msambo usanabwerenso, pomwe msambowo umabwera pakati pa masabata 4 ndi 8. Ngati mwayambiranso kukhala malo amodzi ndi bambo ndipo simukufuna mimba msanga, njira yolera mukhoza kuyamba pompano.

Koma pali zizindikiro zosadikira masabata atatu. Magazi akamanyowetsa mapadi awiri pa ola kwa maola awiri otsatizana, kapena nsalu ikamangodzaza mukangosintha, nyamukani. Chimodzimodzi kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, kupweteka pamwamba pa phewa, chizungulire kapena kukomoka, ndi chikazi chonunkha. Thupi likatentha musathamangire kunena kuti ndi malungo n'kugula mankhwala pamsika. Kawauzeni achipatala kuti mwapita padera posachedwa, kuti ayeze malungo komanso matenda a m'chiberekero. Ngakhale utakhala usiku, pezani njinga yamoto.

Inu mwatsala ndi masiku 9 kuti muyezenso. Lembani tsikulo penapake, ndipo mukadzapita kuchipatala mukatenge khadi lanu la kusikelo.