Dongosolo la nkhomaliro ya Lachinayi pa 14 Ogasiti: msonkhano wa makopaletivi a mtedza ndi soya, Kasungu boma

Kwa nonse amene tigwire limodzi ntchitoyi. Werengani lonse, ngakhale inu amene mwaphika nane zaka zambiri, chifukwa ulendo uno muli zingapo zosiyana ndi masiku onse.

Chiwerengero

Okonza msonkhano anaitana anthu 120. Pofika dzulo madzulo amene atsimikiza kuti abwera ndi 104, ochokera ku Chamama, Santhe, Mtunthama, Chulu ndi kwa Kaluluma. Ameneyo ndiye nambala ya papepala lawo, koma odya ndi ochuluka kuposa apo. Onjezanipo okonza ndi ophunzitsa 8, madalaivala 9, obwera ndi mlendo wolemekezeka ndi a mfumu 6, atolankhani 3, alonda ndi wosesa pa holo 3, ndi alezi 2 a amayi amene akubwera ndi makanda. Zikukwana 135. Ifeyo tilipo 11, ndiye 146. Tiphika za anthu 160.

Ena munene kuti ndawonjeza kwambiri. Mukumbukire za chaka chatha ku Santhe, pamene anatiuza 70 ife n'kuphika za 70 ndendende. Madalaivala anayamba ndi iwo pamzere chifukwa analibe chochita m'holo, ndipo amayi asanu ndi mmodzi amene anatuluka pomalizira anadyera msuzi ndi kabichi. Palibe anadzudzula wowerenga anthu uja, dzina limene linamveka ndi lathu. N'chifukwa chake pali matikiti: 135 ndawapereka kwa Mayi Zgambo, mlembi wa msonkhano, kuti azipereka polembetsa m'mawa, ndipo 10 apadera ali m'thumba mwanga. Nthawi ikakwana 9:30, Tiyamike apite pa tebulo lolembetsera akamve kuti atuluka angati, adzandiuze nambalayo pamaso, osati kudzera mwa wina.

Odya zapadera

Apa ndi pamene ndikufuna maso anu.

Asilamu alipo 14. Sitiwaphikira padera, koma nyama yonse ya tsikuli ikhala ya halali kuti wina asamachite kufunsa pamzere. Ng'ombe tigula ku butchala ya halali imene timagulako nthawi zonse, ndipo nkhuku azinga Che Saidi. Wina asathandize kuzinga ngakhale ntchito itachuluka bwanji. Ya nkhumba isalowe m'khitchini muno, ngakhale ya kamba wanu, ndipo chiwaya chimene chinakazingirapo nkhumba chitsale kunyumba.

A Sabata alipo 9. Asanu amadya nkhuku ndi ng'ombe popanda vuto, anayi sadya nyama konse. Anayiwa, pamodzi ndi mphunzitsi mmodzi wochokera ku Lilongwe, adya nyemba, nyama ya soya ndi masamba. Nyemba zisathiridwe msuzi wa ng'ombe. ANabanda, ndikudziwa kuti ndi mmene mumazikometsera, koma Lachinayi lokha pepani.

A shuga alipo 7 ndipo a kuthamanga kwa magazi 5, awiri mwa iwo ali ndi zonse ziwiri, ndiye mbale ndi 10. Awa nsima ndi ya mgaiwa, masamba ochuluka, nkhuku yowiritsa yochotsa khungu. Ndiwo zawo tipatula tisanathire mchere ndi mafuta, mchere akathire okha ngati afuna. Chakumwa ndi madzi. Chinthu china chimene ambiri sachiganizira: munthu wa shuga amene wamwa mankhwala kapena kubaya jakisoni m'mawa sangadikire kuti mlendo wolemekezeka amalize kulankhula. Shuga akatsika amayamba kunjenjemera, thukuta, mwinanso kukomoka. Ndagwirizana ndi Mayi Zgambo kuti ikakwana 12:30, kaya msonkhano watuluka kaya ayi, anthu amenewa atuluke mwakachetechete adzadye. Pa tebulo pawo pakhalenso nthochi ndi botolo limodzi la zotsekemera, la mwadzidzidzi.

Atatu ali ndi zilonda zam'mimba. Tsabola ndi kambuzi zikhale m'timbale pambali, m'mphika musalowe.

Ndiye pali bambo mmodzi wa ku Chamama amene thupi lake limadana ndi mtedza. Inde, mlimi wa soya pa msonkhano wa mtedza, sekani pano kuti Lachinayi musaseke. Akuti akangolawa amatupa milomo ndi kukhosi mpaka kubanika, ndipo anagonekedwapo m'chipatala. Kwa munthu wotere kachidutswa kotsalira pa chipande n'kokwanira. Tsono mpiru wotendera uphikidwa pa mbaula ya kumapeto, ndi mthiko wake ndi chipande chake, zomangidwa kansalu kofiira. Nsinjiro zisinjidwe Lachitatu kunyumba kwa aNabanda, zibwere m'chigubu chotseka. Mafuta tigula a mpendadzuwa. Mbale ya bamboyu ipakulidwa yoyamba, mpiru wotendera tisanavundukule, ivundikiridwe, ndipo akaipereka m'manja ndi Tiyamike.

Mbale zapadera zonse 16, za a shuga ndi magazi, za osadya nyama ndi ya bambo wa mtedza, mwini wake ndi Tiyamike yekha. Matikiti awo ali ndi chidindo kumbuyo. Osamaitana kuti "a shuga bwerani kuno". Matenda a munthu si olengeza pa holo.

Zogula

Lachitatu m'mawa ine ndi Yohane tikhala mumsika: mpunga wa Kilombero makilo 16, ufa woyera makilo 25, mgaiwa makilo 5, nyemba makilo 6, nyama ya soya mapaketi 6, mafuta malita 8, anyezi makilo 5, tomato ndowa imodzi ndi theka, kabichi 12, mchere, nthochi 170, makala matumba awiri. Mpiru wa kudimba mayi wotigulitsa uja abweretsa yekha Lachinayi mbandakucha, kuti usafote. Nkhuku ndi 12, iliyonse nthuli 8, zikhala 96. Yohane, ndati 8, osati 6 zonenepa kapena 10 zamanyazi. Ng'ombe makilo 12 ikwana anthu 80. Munthu asankhe chimodzi, nkhuku kapena ng'ombe. Malisiti onse abwere kwa ine tsiku lomwelo.

Filiji sindikuidalira, magetsi akhoza kuzima usiku. Nyama tikatenga Lachinayi 5:30 m'mawa, nkhuku zigone zamoyo. Madzi nawonso tisayembekeze pampopi: madiramu atatu adzazidwe Lachitatu madzulo, athiridwe klorini, avundikiridwe. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira. Amene wadzuka ndi m'mimba mwa mtundu uliwonse andiimbire, asabwere, ndipo ya tsikulo ndimupatsa theka.

Tsiku lenileni

Tonse tifike 5:00. Epuloni, duku kapena chipewa, zikhadabo zowenga, mafoni m'chikwama. Nyemba zoviika usiku zikhale pamoto 5:15. Ng'ombe 6:30 chifukwa ya kuno imalimba. Nkhuku zikhale zitasosoledwa ndi kudulidwa pofika 8:00, kuseri kwa khitchini, kutali ndi masamba. Thabwa ndi mpeni wa nyama yaiwisi zisakhudze kabichi ndi tomato. Mwezi uno ndi wa mphepo ndi fumbi, tsono aChisale mumange mpanda wa matumba kumbali yochokera mphepo, ndipo mphika uliwonse ukhale ndi chivundikiro. Mpunga 10:30. Masamba 11:15, asanapse kwambiri muphule. Nkhuku muzibaya pantchafu pafupi ndi fupa: kukatuluka madzi ofiirira, ibwerere pamoto.

Nsima ndi nkhani ina. Pulogalamu ikuti nkhomaliro ndi 12:30, koma sindinaonepo msonkhano wokhala ndi mlendo wolemekezeka ukutuluka pa nthawi yake. Nsima ikakhalitsa imachita chikhungu, alimi n'kumati tawapatsa mkute. Phala la sefuliya ziwiri zazikulu likhale likubwata kuyambira 11:45, koma osavundula. Ya mgaiwa yokha ndiyo ipse 12:15. Mayi Zgambo andiuza pakatsala mphindi 20, pamenepo aChisale ndi Yohane mugwire mithiko. Sefuliya yachiwiri ivundulidwe mzere utayamba kale. Ndiwo zidikirire pa makala ochepa, zizituluka nthunzi. Zongofunda ndi zimene zimadwalitsa anthu.

Kugawa

Mizere ikhala iwiri, pakhonde la kum'mawa kumene kuli mthunzi. Kumayambiriro kwa mzere uliwonse ndowa ya mpopi, sopo ndi beseni lolandirira madzi akuda, mnyamata mmodzi wongoyang'anira zimenezo. Beseni losambamo anthu onse sitichita. Kenako wolandira matikiti, mbale, mpunga kapena nsima, nyemba, masamba, nyama kumapeto, ndiye chakumwa ndi nthochi. Nyama ili kumapeto dala: mbale ikadzaza kale, nthuli imodzi imaoneka yokwana. Ogawa nyama ndi aNabanda ndi Che Saidi, anthu oti wina akati "onjezaniko mayi" amamwetulira n'kunena kuti "tione onse akadya". Nsima mitanda iwiri, wofuna yachitatu mpatseni osamuyang'ana kumaso. Anthuwa ena anyamuka 4:00 pa kabaza kuti apeze galimoto.

Ndi mizere iwiri, aliyense akamatha masekondi 20 pogawira, tonse timaliza m'mphindi zosakwana 25.

A mfumu, mlendo wolemekezeka ndi owatsatira sayima pamzere. Tebulo lawo la anthu 10 lili m'chipinda chaching'ono, zakudya m'mabakuli. Chisomo, ndiwe wowasambitsa m'manja: yamba ndi a mfumu, ugwade, jagi kudzanja lamanja, kathaulo paphewa. Agogo, amayi a makanda ndi mayi wa njinga ya olumala akhale pansi, muwapititsire. Madalaivala adya nthawi imodzi ndi onse, ndi matikiti awo. Wobwera wopanda tikiti musakangane naye, mumutumize kwa ine. Ife tidya pomalizira, chathu ndipatula ndekha.

Kuchotsa

Mabeseni atatu ayime pakhomo anthu asanayambe kudya: la makombo, la mbale, la masupuni ndi makapu. Kutsuka kuyambe mbale zoyamba zikangobwera, madzi otentha a sopo, otsukuluza, kenako a klorini, n'kuyanika pathandala. Osapukuta ndi nsalu. Tibwera ndi mbale 170, masupuni 170, makapu 60 ndi mabakuli 8, mwa izo mbale 50 n'zobwereka kwa amayi a chigwirizano. Chisomo awerenge zisanakwere galimoto. Mabotolo Yohane awatolere pansi pa mipando msonkhano usanayambirenso, chifukwa lililonse losowa timalipira ndife.

Zotsala m'miphika, zimene sizinafike m'mbale ya munthu, tigawana ndi alonda nthawi yomweyo zikadali zotentha. Chimene chakhala chozizira kupitirira maola awiri, makamaka mpunga ndi wotendera, chisapite kwa ana kunyumba. Makombo atenga mnyamata wa nkhumba 3:00. Nthenga ndi matumbo kudzenje, mukwirire. Phulusa lithiridwe madzi, ndi mphepo ino kamoto kamodzi kakhoza kuyatsa udzu wa kuseri kwa holo. Pofika 4:00 ndiyendera khonde ndi khitchini pamodzi ndi woyang'anira holo, asainire kuti tasiya bwino, ndipereke invoisi ya mbale zimene zadyedwa malinga ndi matikiti. Malipiro anu ndi Lachisanu m'mawa, pa foni kapena pamanja, aliyense andiuziretu Lachitatu.

Ndine,
Mayi Nankhoma