Funso la nambala 4: Nkhani ya mayi Nachisale pa fakitale ya ku Kanengo

Funsoli ndi la atsogoleri a yuniyoni a m'nthambi. Werengani nkhaniyi kawiri musanasankhe yankho, chifukwa muli milandu iwiri yomwe yalowana.

Pa fakitale ina yolongedza ufa ku Kanengo pali antchito 240, ndipo 90 mwa iwo ndi mamembala a yuniyoni. Chaka chatha yuniyoni ndi eni fakitale adasainirana mgwirizano. Mwa zina, mgwirizanowo umati wantchito akakhala ndi dandaulo ayambe wauza kapitawo wake, zikakanika alembe kalata kwa manijala woona za antchito, ndipo zikakanikanso nkhaniyo ipite ku komiti ya mbali zonse ziwiri.

Mayi Nachisale agwira ntchito yosoka matumba pafakitalepo zaka 7. Amalandira K6,000 pa tsiku la maola 8, ndipo Lamulungu ndi tsiku lawo lopuma. M'mwezi wa Febuluwale adawaitana kuntchito Lamulungu kanayi. Kutha kwa mwezi adaona pa kapepala ka malipiro kuti masiku anayiwo awawerengera ngati masiku wamba. Adakauza akapitawo, omwe adangoti, “Mayi, thokozani kuti muli pantchito.” Adalemba kalata kwa manijala ndi kusunga ina yofanana nayo m'chikwama. Lachisanu pa 6 Malichi mlonda adawapatsa envulopu pageti. Kalata yake inali ya mizere itatu: ntchito yatha chifukwa cha mwano. Sadawaitanepo kuti amve mbali yawo.

Sabata yomweyo zokambirana za malipiro a chaka chino zinali zitaima. Yuniyoni ikufuna malipiro akwere ndi K15 pa K100 iliyonse, mabwana akuti sangapyole K5. Anthu mitima ili m'mwamba. Pa nkhomaliro, pansi pa mtengo wa kesha kuseri kwa fakitale, mnyamata wina woyendetsa ngolo akuimirira n'kunena kuti, “Akulu, Lolemba tisalowe. Titseke geti mpaka mayiwa abwerere, ndalama zathunso akweze.” Ambiri akuomba m'manja. Onse akutembenukira kwa inu.

Kodi muwalangiza chiyani?

A. Anyanyale ntchito Lolemba pa nkhani zonse ziwiri, pakuti malamulo aakulu a dziko amalola kunyanyala.

B. Mayi Nachisale apite kupolisi, nkhani ya malipiro idikire chaka chamawa.

C. Nkhani ya mayi Nachisale ipite ku komiti, ikakanika ku ofesi ya leba ndi kukhoti la milandu ya pantchito. Nkhani ya malipiro aidziwitse ku unduna wa zantchito kuti pakhale mkhalapakati, ndipo sitalaka ibwere pokhapokha zakanika ndipo chidziwitso chaperekedwa.

D. Yuniyoni ikhale chete, chifukwa mamembala ake sadafike theka la antchito onse.

Yankho ndi C.

Tiyambe ndi D, poti savuta. Lamulo la ubale wa pantchito la 1996 silifuna theka. Yuniyoni ikakhala ndi antchito 20 mwa 100 alionse pa malo a ntchito, olemba ntchito ayenera kukhala nayo pansi. Pa anthu 240, chiwerengero chofunika ndi 48. Apa alipo 90. B nayenso ndi wolakwika: kuchotsedwa ntchito si mlandu wa kupolisi.

Yemwe amakola anthu ambiri ndi A, ndipo sindiwadzudzula. Munthu ukaona mayi yemwe wakhala naye pa mzere umodzi zaka 7 akutuluka pageti ndi envulopu m'manja, mutu sugwira. Komanso theka la A ndi loona. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limapatsa wantchito ufulu wolowa yuniyoni, wolandira malipiro oyenera, ndi wonyanyala ntchito. Ufulu umenewu sudabwere pa mbale. Mu Meyi 1992 antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala pa nthawi yomwe kutsegula pakamwa kunali koopsa, ndipo m'zipolowe zomwe zidatsatira anthu adafa. Choncho mnyamata wa ngolo uja sakulakwa kufuna sitalaka. Walakwitsa tsiku, ndipo wamanga mbuzi ziwiri pa chingwe chimodzi.

Mikangano ya pantchito ili mitundu iwiri. Wina ndi wa chinthu chomwe chidalembedwa kale, kaya m'lamulo, m'kontirakiti kapena mu mgwirizano, koma wina sakuchitsata. Wina ndi wa chinthu chomwe antchito akufuna koma sichidalembedwe paliponse. Woyambawo umafuna woweruza, chifukwa pali pepala loti awerenge. Wachiwiriwo palibe woweruza angauthetse powerenga, chifukwa palibe lamulo lonena kuti malipiro akwere ndi K15 kapena K5 pa K100; umatha ndi kukambirana, ndipo kukambirana kukakanika mpomwe mphamvu ya kunyanyala imagwira ntchito.

Nkhani ya mayi Nachisale ndi ya mtundu woyamba, ndipo ndi yolimba kwambiri. Taonani ovataimu kaye. Lamulo la ntchito la 2000 limati wogwira ntchito pa tsiku lake lopuma alandire kuwirikiza kawiri. Lamulungu lililonse amayenera kulandira K12,000, adapatsidwa K6,000. Pa masiku anayi, ngongole ndi K24,000. Kwa abwana ndi ndalama ya mafuta a galimoto, kwa mayiwa ndi ndiwo, sopo ndi makala a masiku angapo. Sadapemphe chifundo, adaitanitsa zawo.

Tsono kuchotsedwako. Gawo 57 la lamulo lomwelo limafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: chifukwa chomveka, ndi mpata woti munthu adziteteze asanachotsedwe. Chimodzi chikasowa, kuchotsako n'kosalungama. Apa mpata sudaperekedwe n'komwe. Chifukwa chakenso n'chokayikitsa, poti mawu oti “mwano” abwera patangopita masiku ochepa mayiwa atalemba kalata yodandaula. Ndipo dziwani ichi, chifukwa antchito ambiri sachidziwa: si mayi Nachisale oyenera kutsimikiza kuti alibe mwano. Ndi olemba ntchito omwe ayenera kuonetsa chifukwa chomwe adawachotsera. Akalephera, khoti limatenga kuti adawachotsa mosalungama.

Ndiye muchite chiyani Lolemba m'mawa? Lembani kalata yoitanitsa komiti ija, monga mgwirizano ukunenera. Ena adzati n'kutaya nthawi, mabwana adaganiza kale. Mwina. Koma mgwirizanowo ndi wanu, mudaukhalira pansi masiku ambiri, ndipo mukayamba inu kuulumpha mwawapatsa mabwana chifukwa choulumphira mawa. Komanso milandu yambiri imathera pomwepo, manijala akaona kuti kalata ya mizere itatu ija sangathe kuiteteza pamaso pa anthu. Tengani mapepala onse: kalata yochotsedwa, kalata yodandaula ija, timapepala ta malipiro, ndi maina a omwe adagwira nawo masiku a Lamulungu aja. Mayiwa adachita bwino kusunga kalata yawo. Ndaonapo milandu yabwino ikugwa chifukwa zonse zidanenedwa pakamwa, ndipo tsiku la mlandu kapitawo adati sakukumbuka.

Pamene mukudikira komiti, diso likhale pa kalendala. Lamulo limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti munthu akadandaule kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lake. Kuchokera pa 6 Malichi, ndiye kuti Juni akamayamba nthawi yatsala pang'ono kutha. Musalole kuti “bwerani sabata yamawa” adye miyezi imeneyi. Ofesi ya leba ikalephera kuyanjanitsa mbali ziwirizi pa mwezi umodzi, nkhani itha kupita kukhoti la milandu ya pantchito, lomwe lili ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Khotilo likhoza kulamula kuti munthu abwerere pa ntchito yake, alembedwenso pa ntchito ina yofanana nayo, kapena apatsidwe chipukutamisozi. Kwa yemwe wagwira zaka zopitirira 5 koma zosapyola 10, chipukutamisozi sichichepera malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Kwa mayi Nachisale, poyambira pake ndi masabata 14, ndipo khoti likhoza kuwonjezera. Kunena zoona, milandu kukhotiko imatenga nthawi, ndipo mayiwa ali ndi ana ofuna kudya lero. N'chifukwa chake nthambi iliyonse iyenera kukhala ndi kathumba kothandizira mamembala pa nthawi ngati imeneyi.

Nkhani ya malipiro ndiyo ingafike pa sitalaka, koma ili ndi njira yake. Zokambirana zikaima, yuniyoni idziwitse mlembi wamkulu wa unduna wa zantchito za mkanganowo. Pamakhala masiku 21 oti mkhalapakati ayese kuyanjanitsa. Zikakanika, yuniyoni ipereke chidziwitso cha masiku 7 isanayambe kunyanyala. Sitalaka yotsata njira imeneyi ndi yotetezedwa, munthu sangachotsedwe ntchito chifukwa choti adatengapo mbali. Koma ya Lolemba ija, yopanda mkhalapakati ndi chidziwitso, ingapatse mabwana mpata wopita kukhoti kukailetsa ndi kuyamba kulanga anthu. M'malo mwa mayi mmodzi panja pa geti, pangakhale anthu 30.

Auzeninso anthu za mthumba mwawo asanavote. Kuyambira pomwe lamulo lidasinthidwa mu 2021, wonyanyala ntchito amalipidwa masiku atatu okha pa chaka. Opitirira apo olemba ntchito akhoza kudula. Mabungwe a antchito, motsogozedwa ndi MCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni m'dziko muno, adatsutsa kwambiri kusinthaku, ndipo ine ndili nawo mbali imodzi, chifukwa kumafoola anthu omwe alibe chosungira. Komabe lamulo ndi limenelo pakali pano, ndipo mtsogoleri wobisira anthu ake zimenezi akuwapereka.

Chomwe chimandikhudza pa nkhaniyi ndi chakuti mgwirizano wolembedwa uja ndi womwe ukupatsa mayi Nachisale khomo logogoda mkati mwa fakitale momwemo. Wantchito mmodzi akapita yekha mu ofesi ya manijala amavula chipewa n'kuyamba ndi kupepesa. Anthu 90 akatuma nthumwi, zimakhala zokambirana. Antchito a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje adakhala zaka zambirimbiri opanda mgwirizano wotere, mpaka mu 2016 pomwe yuniyoni yawo ndi bungwe la eni minda adasainirana woyamba.

Kachongedwe: yemwe wasankha C ndi kufotokoza kusiyana kwa mikangano iwiriyi apatsidwe malikisi 5. Wotchulanso miyezi itatu ya ku ofesi ya leba, masiku 21 ndi masiku 7 awonjezeredwe 3. Malikisi 2 otsalawo ndi a yemwe walemba mawu enieni omwe angamuuze mnyamata wa ngolo uja pansi pa mtengo wa kesha, osamunyoza pamaso pa anzake.