Malangizo a kasambitsidwe ka khanda kwa amayi amene akutuluka m'chipinda cha ochira m'nyengo yozizira

Amayi, pepala ili talemba ife azamba kuti mupite nalo kunyumba, ndipo tikupempha kuti muliwerenge pamodzi ndi bambo a mwana, agogo ake kapena aliyense amene adzakuthandizeni masiku a chikuta. Mwachira m'mwezi wa Juni, nthawi imene kuno ku Dedza kumacha ndi chisanu choluma zala ndiponso mphepo ya mwera imalowa m'nyumba kudzera m'mipata ya zitseko. N'chifukwa chake mawu athu ambiri akhudza kuzizira. Khanda lobadwa kumene silikhala ndi litsiro loti lingalidwalitse, koma likhoza kuzizidwa m'mphindi zochepa chabe, ndipo nthawi yosamba ndi imene ngozi imeneyi imakula.

Musasambitse mwana mpaka patadutsa maola 24 chibadwire. Langizo limeneli ndi la Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse, ndipo n'chifukwa chake ife tinangomupukuta ndi nsalu youma n'kumuika pachifuwa panu atangobadwa. Mafuta oyera amene mwawaona pakhungu lake, makamaka m'khwapa ndi m'mphechepeche, si uve ayi. Amateteza khungu kuti lisaume, amathandiza kutchinga tizilombo toyambitsa matenda, ndipo amalowerera okha m'khungu pakapita masiku ochepa. Tikudziwa kuti achibale ena amaona ngati mwana wosasamba ndi wosasamalidwa, koma muwafotokozere mwaulemu kuti mafutawo asakhulidwe ndi nsalu kapena chinkhupule.

Thupi la khanda liyenera kutentha pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Munthu wamkulu akazizidwa amanjenjemera ndipo amadzifunditsa, pamene khanda silitha kuchita zonsezi. M'malo mwake limawotcha mafuta ndi shuga wa m'thupi mwake kuti lipeze kutentha, ndipo zimenezi zikachepa limafooka, limagona kwambiri, limaleka kuyamwa, kenako kupuma kumavuta. Khungu lonyowa limataya kutentha mofulumira kuposa louma, ndipo mutu, popeza ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lonse, umataya kutentha kochuluka ukakhala wonyowa kapena wopanda chipewa.

Kusambitsa mwana thupi lonse kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira m'mwezi woyamba. Ambiri tinakula tikuona makanda akusambitsidwa m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, koma kusamba kotereku kumaumitsa khungu ndipo m'nyengo ino kumaika mwana pa chisanu kawiri patsiku popanda chifukwa. Masiku amene sakusamba, mupukuteni nkhope, m'khosi, m'manja ndi malo a thewera ndi kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi ofunda, mukuvundukula malo amene mukupukutawo basi, kwina konse kuli kofunditsidwa. Malo a thewera ndiwo ayenera kutsukidwa nthawi iliyonse akadziyipitsira.

Mpaka mchombo utagwa, zimene kawirikawiri zimachitika pakati pa masiku 5 ndi 15, ife timalangiza kuti mwana azipukutidwa motere m'malo momuviika m'beseni, kuti mchombowo uzikhala wouma. Pindani thewera kuti likhale m'munsi mwa mchombo. Ngati takupatsani mankhwala opaka pamchombo, pakani monga tinakuonetserani, ndipo kupatula amenewo musaikepo china chilichonse, kaya phulusa, mwaye, mafuta, mkaka wa m'mawere, ndowe kapena mankhwala azitsamba, chifukwa pamenepo pali ngati khomo lolowera m'magazi a mwana ndipo kafumbata amalowera pomwepo. Mchombo musaukoke ngakhale ukuoneka kuti watsala pang'ono kuduka.

Sankhani nthawi imene dzuwa lakwera, chapakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Musasambitse mwana m'mamawa, madzulo dzuwa litapendeka, pakhonde kapena kubafa ya panja. Sambitsirani m'nyumba, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Pano pali chenjezo limene sitifuna kuti lidumphidwe: musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotsekacho pofuna kuchitenthetsa. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo, khanda likuyambirira. Tenthetsani madzi kukhitchini, mubwere nawo, mbaula itsale komweko. Ndi bwinonso kudikira kanthawi mwana akangoyamwa kumene, kuti asabweze mkaka.

Musanamuvule mwana, zonse zikhale pafupi moti dzanja lanu likhoza kufikira: beseni loyera limene silichapiramo matewera, nsalu ziwiri zouma zopukutira, kansalu kosambitsira, thewera, malaya, chipewa, masokosi, chitenje ndi bulangete. Mayi wina amene tinamuyendera kunyumba chaka chatha anali atachita zonse bwino, koma atamutulutsa mwana m'madzi anakumbukira kuti thaulo lili pachingwe panja. Pamene mlamu wake ankabwera nalo, mapazi a mwana anali atazizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo zinatenga nthawi ali pachifuwa pa mayi ake kuti ayambenso kuyamwa bwino. Zovala zimene mwana avale mungaziike mkati mwa malaya anu kuti zifunde, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanayambe.

Madzi akhale a madigiri 37 kapena 38, kutanthauza ofanana ndi kutentha kwa thupi la munthu. Yambani kuthira madzi ozizira m'beseni, kenako onjezani otentha pang'onopang'ono, ndipo vundulani bwino ndi dzanja kuti pasakhale mbali ina yotentha kwambiri. Kuyamba ndi ozizira kumathandiza kuti pansi pa beseni pasatenthe, komanso kuti mwana wamkulu amene akuyendayenda pafupi asapse akapisamo dzanja. Ambiri tilibe choyezera kutentha, choncho viikani chigongono chanu m'madzimo. Musayese ndi zala kapena chikhatho, chifukwa manja amene amaphula mphika pamoto ndi kuomola nsima anazolowera kutentha, ndipo madzi amene inu mukuwamva ngati ofunda akhoza kuwotcha khungu lopyapyala la khanda. Pachigongono madziwo asamveke otentha ndiponso asamveke ozizira. Musathire madzi otentha m'beseni mwana ali momwemo, ndipo ketulo kapena mphika wa madzi otentha ukhale kutali. Kuya kwa madzi kukhale pafupifupi masentimita 5, ngati kutalika kwa chala chanu chachikulu.

Yambani ndi nkhope mwana akadali wokutidwa m'nsalu. Pukutani diso lililonse kuchokera kumphuno kupita kunja, ndi madzi okha opanda sopo, diso lililonse ndi mbali yake ya kansalu. Pukutani kuseri kwa makutu, koma musalowetse kamtengo, thonje kapena ngodya ya nsalu m'khutu ngakhale m'mphuno. Kenako muvuleni, muike mutu ndi khosi lake pamkono wanu, zala zanu zitagwira mkono wake wa kutali ndi inu cha m'khwapa, dzanja linalo lili kumatako, ndipo mulowetseni m'madzi pang'onopang'ono kuyambira mapazi. Mwana wonyowa amaterera, choncho dzanja logwira khosi lisachoke mpaka kumaliza. Tsukani m'makwinya a m'khosi mmene mumabisala mkaka, m'khwapa, pakati pa zala, kenako malo a thewera. Mwana wamkazi mutsukeni kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo wamwamuna musakoke khungu la kunsonga. M'masabata oyamba madzi okha ndi okwanira, koma ngati mukufuna sopo, akhale wa ana wosanunkhira, pang'ono chabe, osati sopo wochapira zovala. Mutu usambitsidwe pomaliza ndipo upukutidwe nthawi yomweyo. Pa liwombo mungatsuke modekha popanda mantha, koma musapakepo mankhwala.

Kusamba konse kusapitirire mphindi 5 kapena 10. Musasiye mwana yekha m'madzi ngakhale kwa kamphindi, ndipo musamusiyire mwana mnzake kuti amuyang'anire, chifukwa khanda likhoza kumira m'madzi ochepa kwambiri popanda kulira. Wina akaodira pakhomo kapena foni ikaitana, zisiyeni, ndipo ngati n'zofunika ndithu mukulungeni mwana mupite naye.

Pa nkhani ya zitsamba zimene akuluakulu ena amaviika m'madzi osambitsa mwana potuluka m'chikuta, tikudziwa kuti amachita zimenezi chifukwa cha chikondi, pofuna kuti mwana akhale wolimba. Komabe mizu ndi makungwa zimabwera ndi dothi, madzi ake nthawi zambiri amakhala atazizira, ndipo mwana amatha kumwetsedwako. Tikupempha kuti mwambo wolandira mwana uchitike popanda kumusambitsa kapena kumumwetsa madzi amenewa. Khanda lisamwe china chilichonse kupatula mkaka wa m'mawere mpaka miyezi 6.

Mukangomutulutsa m'madzi, muikeni pansalu youma, mum'phimbe mutu, ndipo mum'pukute mosunsa osati mokhula, osaiwala m'makwinya. Chotsani nsalu yonyowayo mutenge ina youma, chifukwa nsalu yachinyezi imapitiriza kumuziziritsa. Valikani chipewa choyamba, kenako thewera, malaya ndi masokosi. Paudala musathire, chifukwa fumbi lake limalowa m'mapapo. Njira yabwino koposa yobwezeretsa kutentha ndi kumuika pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, ali ndi chipewa, thewera ndi masokosi, nonse awiri mutafunda, ndi kumuyamwitsa pomwepo. Bambo akenso angathe kumuika pachifuwa pawo pamene inu mukudya kapena kusamba. Musamuyandikize kumoto kapena kumuikira botolo la madzi otentha. Mwana avale chovala chimodzi kapena ziwiri kuposa zimene inu mwavala, ndipo nkhope yake isaphimbidwe ndi bulangete.

Patapita kanthawi, gwirani mimba ndi mapazi ake ndi kuseri kwa dzanja lanu. Zonse zikakhala zofunda, ali bwino. Mapazi akakhala ozizira pamene mimba ili yofunda, wayamba kuzizidwa, choncho muikeni pachifuwa, muyamwitseni, ndipo mum'gwirenso pakatha theka la ola. Mimba nayonso ikazizira, bwerani naye kuchipatala ali pachifuwa panu.

Ngati mwana wanu anabadwa masiku osakwana kapena sikelo yake inali yosafika makilogalamu 2.5, musamuviike m'madzi mpaka ife titakuuzani. Muzingomupukuta mofulumira, chigawo ndi chigawo, ndipo azikhala pachifuwa usana ndi usiku monga tinakuphunzitsirani za kangaru.

Musasambitse mwana amene akuoneka wodwala, ndipo musayese kutsitsa kutentha kwa thupi ndi madzi ozizira. Bwerani nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mwana akakana kuyamwa, akafooka kapena kuvuta kudzutsa, akamapuma mofulumira kapena mobuula, nthiti zikamalowa mkati popuma, akakomoka, thupi likatentha kapena kuzizira, maso kapena khungu zikachita chikasu makamaka m'zikhatho ndi kumapazi, ndiponso mchombo ukafiira, ukatupa, ukanunkha kapena kutuluka mafinya. Ngakhale zonse zili bwino, bwerani pa tsiku limene talemba m'buku lanu la chipatala, ndipo ngati mukuopa kumusambitsa koyamba nokha, tiuzeni pa tsikulo kapena uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kuti mudzaonetsedwe kagwiridwe kake mwana wanu ali m'manja mwanu.